Iwo Adzatuluka

Pa ofesi yathu ku City Centre ankanditcha Mayi Pensulo, ndipo dzinalo sindinkadandaula nalo. Ndidalowa ntchito ngati taipisiti pa kampani yogulitsa mapampu ndi mapaipi a madzi, koma pofika chaka cha 1984 panalibe kalata kapena pangano lotuluka pakhomo lisanadutse m'manja mwanga. Ndidaphunzitsako Chichewa kupulayimale zaka zinayi ndisanaphunzire taipi, choncho chiganizo chopunduka ndinkachizindikira chikadali patali. A Manijala athu, a Paxton Gwaza, akaona ma initial anga, zilembo ziwiri zoyambira maina anga, pansi pa pepala ankangosayina osawerenga. Ndinkanyada nazo zimenezo, sindibisa.

Lachiwiri lina m'mawa a Maynard, amene ankayang'anira za antchito, adaika masamba atatu patebulo langa.

"Pangano la ntchito la Che Yunusu," adatero. "Mungolipenya msangamsanga, Mayi Evelina. A Manijala akufuna lisayinidwe Lachisanu."

Mawu akuti msangamsanga adandikayikitsa. A Maynard adali munthu wosachita zinthu mothamanga, woti ngakhale tiyi ankamudikira azizire. Nanga bwanji lero ankafuna kuti pepala lidutse ngati likuthawa mvula?

Che Yunusu Bwanali adali dalaivala wa a Manijala. Adagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri popanda pepala lililonse, ndipo zaka zonsezo ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya kampani ku Area 12, pamodzi ndi akazi awo a Kulusumu ndi ana asanu. Chaka chimenecho likulu lathu ku Blantyre lidalamula kuti aliyense akhale ndi pangano lolembedwa, ndipo la madalaivala ndi alonda lizikhala m'Chichewa, kuti wina asadzanene kuti adasayina Chingerezi chimene sadachimve.

Ine pepala ndinkaliwerenga katatu, rula ili pansi pa mzere. Ulendo woyamba ndinkayang'ana ngati mneni akugwirizana ndi mwininkhani. Wachiwiri ndinkayang'ana nthawi ya mneni, ngati chinthu chidachitika kale kapena chidzachitika. Wachitatu ndinkagwira mlowam'malo aliyense, iye, iwo, yake, yawo, n'kumufunsa kuti waimira ndani.

Ulendo woyamba udandipatsa zinthu ziwiri. Pa ndime yachitatu padalembedwa kuti, "Kampani adzapereka yunifolomu ziwiri pa chaka." Kampani si munthu woti tizimupatsa ulemu. Ndidadula "adzapereka" n'kulemba "idzapereka" m'mbali. Pa ndime yachisanu ndi chimodzi padali, "Wogwira ntchito ndi banja lake lidzasamala nyumbayo." Mneniyo adangogwirana ndi banja, mwini wake wa ntchito n'kumusiya panja, ngati Che Yunusu akhoza kuswa mazenera bola ana akusesa. Ndidalemba "adzasamala". Zimenezo ndi zolakwa za tsiku ndi tsiku, zosafuna kufunsa munthu.

Chidandiimitsa ndi ndime yachisanu ndi chiwiri. Idali ya ziganizo ziwiri zokha:

"Kampani idapereka nyumba kwa a Yunusu Bwanali kuseri kwa nyumba ya a Manijala ku Area 12. A Manijala akasiya ntchito kapena akasamutsidwa, iwo adzatuluka m'nyumbamo pasanathe masiku makumi atatu."

Pangano lonse linkalankhula za m'tsogolo: idzapereka, adzagwira, adzapuma. Apa pokha mpamene padali "idapereka". Mwina chilembo cha z chidangothawa potaipa, poti makina a a Maynard adali okalamba. Koma chilembo chimodzicho chimasintha nkhani, chifukwa chimene kampani idapereka ndi china, chimene idzapereke ndi chinanso. Nanga "iwo"? Chiganizo chisanafike pamenepo padatchulidwa anthu awiri, onse a ulemu wawo, ndiponso nyumba ziwiri. Adzatuluke ndani, m'nyumba iti?

Wowerenga pepala ali ndi malire ake. Cholakwa chooneka amakonza yekha, koma pamene tanthauzo lagawika pawiri sasankhira mwini wake, amakafunsa. Safunsa adadya phula. Ndidazunguliza mawu awiriwo ndi pensulo yofiira, n'kupita ku ofesi ya a Maynard.

Adavomera zolakwa ziwiri zoyamba zija akuseka. "Mwandigwira, aphunzitsi. Ndinalemba mothamanga." Koma chala changa chitafika pa ndime yachisanu ndi chiwiri, kuseka kudatha.

"Apa ndi idapereka kapena idzapereka?"

"Idapereka. Si akukhalamo kale?"

"Chabwino. Nanga iwo ndani?"

"Iwo ndi iwo."

"A Maynard, sindinabwere kudzacheza. Iwo ndi a Manijala kapena Che Yunusu?"

Adayang'ana kuchitseko, chimene ndidachisiya chotsekula, kenako n'kuyang'ana ine. "Mayi Evelina, Che Yunusu ndi msinkhu wa bambo anga. Mukufuna ndiwalembe kuti iye, ngati kamwana?"

"Ulemuwo ndaumva. Koma a Manijala nawonso ndi iwo. Tingolemba dzina la munthuyo, nkhani ithe."

"Lisiyeni momwe lilili. Inu ikani ma initial anu basi."

"Sindiika dzina langa pa chiganizo cha mitu iwiri."

"Ndiye muliganizire," adatero, n'kutsegula fayilo ina kusonyeza kuti tamaliza.

Ndidatuluka mtima ukuwira. Muyenera kudziwa mmene tinkakhalira masiku amenewo. Chaka cham'mbuyo mwake mesenjala wathu adanena nthabwala ina pa nthawi ya tiyi, ndipo sabata isanathe adabwera anthu awiri kudzamutenga. Palibe adadziwa amene adakanena. Kuyambira pamenepo aliyense ankayeza mawu ake asanawatulutse, poti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinkadziwa kuti ena ankandikayikira, chifukwa alamu anga adali ndi udindo pa nthambi ya chipani ku Chilinde kumene ndinkakhala, komanso chifukwa ndinkalowa mu ofesi ya a Manijala osagogoda. Zinkandipweteka, koma ukadzitchinjiriza pa nkhani yotere mpamene amakukayikira kwambiri.

Nanenso a Maynard ndinkawakayikira. Miyezi iwiri yonse mphwawo wina, bambo wa ndevu zake, ankabwera pa ofesi pafupipafupi atanyamula laisensi yatsopano ya galimoto, kufunsa ngati pali malo. Madzulo ake ndili m'basi yopita ku Old Town ndidalumikiza zinthu. Che Yunusu amawerenga movutikira. Akamva kuti "a Manijala akasamutsidwa, iwo adzatuluka," aganiza kuti otulukawo ndi a Manijala, asayina mokondwa. Tsiku lina a Maynard adzabwera ndi pepala lomwelo n'kunena kuti iwo aja ndinu, tulukani, mphwanga akufuna polowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidalumbira kuti chinyengo chimenecho sichidutsa pa tebulo langa.

Lachitatu a Maynard adadutsa kawiri kufunsa ngati ndamaliza. Ndidati ndikadali nalo. Ulendo wachiwiri adaima kanthawi ngati akufuna kunena kanthu, koma mtsikana wolumikiza mafoni pa switchibodi adali pomwepo, ndipo adangokanda m'mutu n'kubwerera. Ine ndidati mumtima, chikumbumtima chawagwira.

Lachinayi a Manijala sadabwere ku ofesi chifukwa mwendo udawatupa. Adaimba foni kuti makalata ofuna kusayinidwa ndiwapititse kunyumba. Ndidalonga makalatawo m'fayilo, pangano lija n'kuliika pansi penipeni. A Maynard sindidawauze.

Adanditenga ndi Che Yunusu eni ake. Adali munthu wamtali, wa kapu yoyera, woyendetsa galimoto mofatsa ngati wanyamula mazira.

"Akuti mawa tisayina chikalata, mayi," adatero tikukhotera ku Area 12. "Ine zaka zonsezi ndagwira ndi pakamwa pokha. Kodi muli zoopsa mmenemo?"

"Musade nkhawa, Che Yunusu. Ndikuliyang'anira ndine. Simusayina chinthu chosamveka."

"Eya, inu ndinu maso athu."

Mlonda adatsegula geti. Kuseri kwa nyumba yaikulu, kupitirira mitengo ya mango, ndidaona kanyumba kawo. A Kulusumu ankayanika malaya a sukulu pa chingwe, anayi oyera, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono. M'mbali mwa khoma adalima tomato ndi mpiru, ndipo pakhonde adamangapo kakhitchini ka malata. Adandibayibitsa akumwetulira, poti tinkadziwana ku Msika wa Lilongwe kumene ankagulitsa nsalu Loweruka. Nditawaona mtima udalimba kwambiri, ndidati anthu awa sindilola kuti apusitsidwe.

A Gwaza adali pakhonde, mwendo ausanjika pa kampando. Adasayina makalata onse osakweza mutu. Atafika pa panganolo adafufuza pansi pa tsamba lomaliza.

"Bwanji palibe ma initial anu?"

"Pali pofunsa, bwana. Ndime yachisanu ndi chiwiri."

Kadali koyamba kuwaona akuvala magalasi chifukwa cha pepala lochokera kwa ine. Adawerenga kawiri, milomo ikugwedera.

"Walemba ndani izi?"

"A Maynard. Ine ndikungofuna kudziwa kuti iwo ndani, inuyo kapena Che Yunusu, kuti tilembe dzina."

Ndinene zoona, ndinkayembekeza kuti aseka n'kunena kuti ndineyo, nanga dalaivala atulukirenji. Koma adavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Maynard ndinamuuza momveka bwino. Mwezi wa mawa ine ndikusamukira ku head office ku Blantyre. Amene akubwera kuno akubwera ndi dalaivala wake. Yunusu apita ku stores kukayendetsa lole, ndipo a malole sitiwapatsa nyumba. Ndiye izi za iwo iwo zikutanthauza chiyani?"

Za kusamuka kwawo sindinkazidziwa.

"Nanga idaperekayi? Kampani sinapereke nyumba kwa munthu. Imamubwereka pamene akugwira ntchito inayake. Ndipatseni cholembera."

Adadula ndime yonse ndi mizere iwiri, n'kulemba ndi dzanja lawo m'munsi mwake: "Kampani idzapereka malo ogona kwa a Yunusu Bwanali pa nthawi yokhayo imene akuyendetsa a Paxton Gwaza. A Gwaza akasamutsidwa, a Yunusu Bwanali adzatuluka m'malowo pasanathe masiku makumi atatu." Adasayina m'mbali mwa zimene adalembazo.

"Onani ngati galamala ili bwino," adatero akundipatsa pepalalo.

Ndidawerenga. Nthawi ya mneni idali yolondola, aneni onse ankagwirizana ndi eni nkhani, ndipo panalibe mlowam'malo ndi mmodzi yemwe wosokoneza.

"Ili bwino, bwana."

"Mwachita bwino kundionetsa. Mulitaipe lero, mawa ndidzaliwerenga ndekha ndisanasayine. Ndipo Maynard mumuuze andiimbire."

Pobwerera Che Yunusu adandifunsa ngati zayenda. Ndidati mutu ukundipweteka, n'kuyang'ana pazenera mpaka ku City Centre. Komabe mumtima ndinkadzilimbitsa kuti bola choonadi chaoneka. A Maynard ankafuna kubisa nkhani yowawa m'mawu okoma, ndipo ine ndawavundukula.

A Maynard ndidawapeza pa masitepe a ku ofesi akuchokera kokadya. Ndidawaonetsa tsambalo. Adaliwerenga, nkhope n'kugwa, kenako adakhala pansi pa sitepe pomwepo, munthu wa tayi.

"Mwapita nalo kwa a Manijala."

"Munakana kundiyankha. Mumafuna Che Yunusu asayine ali m'chimbulimbuli, kuti mphwanu adzapeze nyumba."

"Mphwanga?" Adaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mphwanga analowa ntchito ku kampani ya fodya ku Kanengo masabata atatu apitawo. Simunaone kuti anasiya kubwera?"

Ndidaganiza. N'zoona, padapita nthawi ndisanamuone.

Adasuzumira m'mwamba ndi m'munsi mwa masitepe, n'kutsitsa mawu. "Tamverani, Mayi Evelina, poti zawonongeka kale. A Gwaza anandiuza kuti ndilembe zoti Che Yunusu atuluke. Ndinawachonderera, anakana. Ndiye ndinakhala masiku awiri ndikusula chiganizo chimene chija. Kampani adzapereka ndi banja lidzasamala, amenewo anali ma mistake anga enieni. Koma idapereka ndinalemba dala, kuti pepala lichitire umboni kuti nyumbayo anapatsidwa kale ndi kampani, osati ndi a Gwaza. Iwo ndinalembanso dala. A Gwaza akanaona ma initial anu akanasayina. Manijala watsopano akanabwera, ine ndikanamuonetsa contract yosayinidwa n'kumuuza kuti otuluka anali a Manijala, ndipo atuluka kale. Akanati akakamire, Che Yunusu akanapita nayo ku ofesi ya boma ya Leba, ndipo kumeneko mawu akakhala a mitu iwiri, amene amaluza kawirikawiri ndi amene anawalemba, osati wosayina. Head office sikanalimbana ndi zimenezo chifukwa cha zipinda ziwiri."

Ndidagwira chitsulo cha masitepe.

"Bwanji simunandiuze? Ndinakufunsani maso ndi maso!"

"Ndikuuzeni inuyo?" Adandiyang'ana mosabisa. "Ndikuuzeni kuti ndikupotoza lamulo la bwana, inu amene mumalowa mu ofesi yawo osagogoda? Ndili ndi ana, mayi. Sindinkadziwa kuti mawu anga akagona kuti."

"Ine sindinanenezepo munthu chibadwire!"

"Mwina. Koma lero mwapita nalo kuti pepalali?"

Manyazi ndi mkwiyo zidandigwira nthawi imodzi, ndipo sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani. Ndidati mwina ndingabwezeretse ndime yakale potaipa. A Maynard adapukusa mutu. A Gwaza adalemba ndi dzanja lawo, adasayina m'mbali, ndipo mawa awerenga okha. Kuyesa zimenezo kukanangochotsetsa ntchito anthu atatu m'malo motulutsa mmodzi m'nyumba. Adadzuka, adasasa fumbi pa buluku, n'kupita kukaimba foni imene ankaidikira a Manijala.

Masana amenewo ndidataipa pangano lonse kachiwiri, ndi makope awiri a kaboni. Ndidaliwerenga katatu monga mwa nthawi zonse, ndikulakalaka nditapeza cholakwa, ngakhale kachilembo kamodzi koti kachedwetse zinthu. Sindidapeze kanthu, ndipo ndidaika zilembo zanga pansi.

Lachisanu m'mawa a Gwaza adabwera akutsimphina. Adawerenga tsamba lililonse n'kusayina, kenako adalowa mu ofesi yawo. A Maynard, amene adaitanidwa mmenemo, adatuluka maso ali pansi, poti adali atalandira kalata yowachenjeza. Adaitana Che Yunusu, amene adalowa atavala malaya ositidwa bwino, kapu ili m'manja.

"Mayi Evelina ndiwo andiwerengere," adapempha. "Mawu awo ndimawamva bwino."

Ndidawerenga ndime imodzi imodzi. Pa yunifolomu adagwedeza mutu. Pa masiku opuma adamwetulira. Kenako ndidawerenga ndime yachisanu ndi chiwiri. Nditamaliza, Che Yunusu adaloza pepalalo.

"Bwerezaninso pamenepo."

Ndidabwereza.

"A Gwaza akusamuka liti?" Che Yunusu adafunsa a Maynard.

"Mwezi wa mawa, Che Yunusu. Ntchito simuchotsedwa, mupita ku malole. Koma nyumba..."

"Ndamva. Ndikakana kusayina?"

"Likulu lati wopanda contract sakhala pa ntchito."

Che Yunusu adayang'ana pepalalo. Kenako adatenga cholembera n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzi chimodzi, pa makope onse atatu. Adapinda lawo bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

"Zikomo, mayi," adatero kwa ine. "Munalonjeza kuti sindisayina chinthu chosamveka. Palibe pokhota apa, ngakhale mwana angamve."

Sankandinyoza ayi, ankathokoza ndi mtima wonse, ndipo chimenecho ndicho chidandibaya. Ndidafuna kuwauza zonse, koma a Maynard adandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono.

Ali pakhomo Che Yunusu adatembenuka. "A Maynard, ndikachoka ku mzikiti masana ano ndichedwako pang'ono, ndikufuna ndizungulire ku Mchesi ndi ku Biwi. Ndipo inu mayi, poti mumakhala ku Chilinde, mukamva za nyumba ya zipinda ziwiri mundiuze. Ngakhale chimodzi, tipanikizana. Koma a Kulusumu mukakumana nawo kumsika mawa musawauze kaye, ana alemba mayeso sabata ya mawa."